Pulani ya Anthu

Kalata inabwera Lachiwiri, ndipo inali yaulemu kwambiri moti Phee anachita kuiwerenga kawiri kuti amvetse kuti akumuchotsa ntchito. Kampani yomanga nyumba imene anaigwirira zaka khumi ndi chimodzi inali kutseka chipinda chojambulira mapulani. Anamupatsa miyezi itatu yoti apeze kolowera.

Dzina loti Phee anamupatsa ndi anzake a mu ofesi, ndipo sikunali kumunamizira. Anali munthu woti akalowa m'chipinda mumadziwa chifukwa cha kulira kwa mpando. Ntchito yake ankaidziwa bwino, mzere uliwonse pamalo pake, muyeso uliwonse wowerengedwa kawiri. Koma kupatula anthu asanu ndi mmodzi a m'chipinda chija, panalibe amene ankadziwa kuti munthu wotereyu alipo padziko.

Kalatayo inagona m'thumba la jekete masiku anayi. Mkazi wake ataipeza pochapa sanakalipe. Anangokhala pamkeka wa pakhonde, n'kufunsa kuti kodi akudziwa ndani amene angamuthandize. Phee anayamba kuwerenga pa zala, ndipo dzanja limodzi linakwanira n'kutsalako. Manyazi anamugwira kuposa mmene anamugwirira pa kalata ija.

Mkaziyo anaitana mchimwene wake, wogulitsa matailosi, munthu woti akakwera basi amatsika ali ndi manambala a foni a theka la okwera. Mlamuyo anati nkhaniyi ndi yaing'ono. Loweruka kunali msonkhano wa anthu a zomangamanga mu holo ya hotela ina, ndipo chofunika chinali kungosindikiza makadi makumi asanu, kuvala tayi, ndi kugwira chanza aliyense wopuma.

Phee anapita. Mu holomo munali phokoso ngati pamsika, anthu ataima timagulu timagulu, aliyense akuseka nthabwala imene Phee anafika itatha. Mlamu wake anamukokera kwa bwana wina wamimba, n'kumusiya pomwepo. Bwanayo anafunsa kuti amagwira ntchito yanji, Phee anayankha mawu atatu, ndipo maso a bwanayo anali atapita kale kwa munthu wina kuseri kwa phewa lake. Nthawi yotsalayo anaithera pakhoma, akuwerenga pulani yothawira moto imene inapachikidwa pafupi ndi khomo. Anapezamo cholakwika, chitseko china anachijambula chotsegukira m'kati, koma analibe womuuza. Kenako anakabisala kuchimbudzi mphindi makumi awiri. Anabwerera kunyumba ndi makadi makumi anayi mphambu asanu ndi anayi, mutu ukuwawa ngati wasenza njerwa tsiku lonse.

"Alamu, inu ndiye ayi," anatero wamatailosi uja pomutsitsa pageti. Ananena moseka, koma mkazi wa Phee, amene anali pakhonde, anamva, ndipo sanaseke nawo.

Amene anamutsegula maso anali mkulu woyeza malo wa pakampani pomwepo, bambo wa imvi amene anatsala chaka chimodzi kuti apume. Anali m'galimoto awiriwiri kupita kukaona malo ena, ndipo mwina chifukwa choti m'galimoto anthu sayang'anana kumaso, Phee anafotokoza zonse, mpaka za kuchimbudzi. Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola. Anati iyenso m'maholo otero amauma pakamwa, ndipo pa zaka makumi atatu sanapezepo ntchito ngakhale imodzi kudzera m'kugawa makadi.

Njira yake inali ina. Munthu mmodzi pa nthawi imodzi. Umamulembera uthenga waufupi, kutchula amene wakupatsa nambala, n'kupempha mphindi makumi awiri zokha, pamalo ndi nthawi imene iye akufuna. Umapita ndi mafunso atatu okonzeratu, okhudza ntchito yake, chifukwa anthu amakonda kufotokoza zimene amadziwa ndipo munthu wofatsa amatha kumvetsera. Supempha ntchito, popeza ukapempha ntchito munthu amene alibe ntchito yokupatsa amachita manyazi n'kuyamba kukuthawa. Umangonena poyera kuti uli pati ndi chimene ukufunafuna. Nthawi ikakwana umanyamuka wekha, ndipo usananyamuke umafunsa kuti ndani winanso amene ungacheze naye. M'mawa mwake uthenga wothokoza. Ukakumana ndi munthu amene anakutchulirayo, umabwereranso kwa wokutumizayo kudzanena mmene zinayendera. Ndipo ukaona kanthu kamene ungamuthandize, umathandiza osadikira kupemphedwa.

"Awiri pa sabata, basi," anatero mkuluyo. "Mukapitirira apo mutopa, muyamba kudana ndi anthu. Ndipo pakamwa pamafuna kuzolowera. Muziyamba ndi anthu amene mumakumana nawo tsiku ndi tsiku, funso limodzi kuwonjezera pa moni."

Anamupatsa manambala awiri.

Ulendo woyamba unali wochititsa chisoni. Phee anakhala moyang'anana ndi kapitawo wina mu kantini, mafunso ake atatu anathawa m'mutu, ndipo pamphindi yachitatu anamva pakamwa pake pakufunsa ngati kuli malo. Kapitawoyo anayang'ana wotchi, anamwa tiyi wake mwachangu mpaka kupsa lilime, n'kulonjeza kuti aimba. Mpaka lero akuimbabe.

Wachiwiri unayenda bwino. Anali mayi wina wovomereza mapulani kuofesi ya mzinda, ndipo Phee atamufunsa kuti ndi zolakwika ziti zimene amazipeza kawirikawiri, mayiyo analankhula mphindi makumi anayi osapuma, n'kumupatsa mayina atatu. Phee anatuluka atazindikira kuti munthu mmodzi patebulo sanali woopsa ngati anthu zana mu holo. Pofika sabata lachisanu ndi chimodzi anali atacheza ndi anthu khumi. Mmodzi mwa iwo Phee anamutumizira mapulani akale a mpanda amene munthuyo ankawasowa. Winanso Phee anamulumikiza ndi mkulu woyeza malo uja. Ntchito inali isanaoneke, koma foni yake, imene kale inkangolira mkazi wake akafuna kuti agule buledi, inayamba kulira ndi manambala achilendo.

Za kuzoloweretsa pakamwa zija anaziyesera pa wosindikiza. Ameneyu anali bambo wamfupi wotsimphina pang'ono, mwini kashopu ka makina aakulu osindikizira mapulani kuseri kwa siteshoni ya basi. Phee anakhala akupita kumeneko kawiri pa sabata kwa zaka zonsezi, ndipo zaka zonsezi bamboyo ankalankhula, Phee n'kumagwedeza mutu. Ankakamba za mpira, za bondo lake, za mwana wake wamkazi amene ankaphunzira unamwino, za makina amene ankatafuna mapepala mvula ikagwa. Aliyense ankamutchula kuti achimwene, kaya ndi bwana kaya ndi mesenjala.

Tsiku limene Phee anafunsa koyamba kuti bondo lagona bwanji, bamboyo anaimitsa makina n'kumuyang'ana ngati khoma lalankhula. Kuyambira pamenepo panali mpando wa Phee pafupi ndi kauntala. Anamva kuti mtsikana uja wakhoza mayeso a chaka chachiwiri. Nayenso anaulula za kalata, zimene sanauze ngakhale abale ake. Tsiku lina akudikira mapepala ake, anaona pulani ya kampani ina ikutuluka m'makina, ndipo diso lake linakodwa pa masitepe. Anawerenga kawiri, n'kuuza wosindikizayo chapansipansi kuti masitepewo sakukwana kufika pamwamba, pakusowa imodzi, eni ake aonenso asanapite nayo kwa omanga. Atatero anatenga mpukutu wake n'kuiwala.

Tsono apa m'pamene munthu amagwa ndi luso lake lomwe. Mayina atachuluka, Phee anaona kuti akusokonezeka, ndipo munthu wojambula akasokonezeka amajambula. Lamlungu lina masana anayala pepala lalikulu patebulo la pabalaza, lofanana ndi mapepala onse a ntchito yake, n'kujambula anthu ake onse ngati zipinda za nyumba. Aliyense anali ndi bokosi lake, mizere ikusonyeza amene anamutumiza kwa mnzake. Pakona anaikapo kiyi yofotokoza tanthauzo la mizereyo, monga mwa lamulo la ntchito. Mzere wokhuthala unali wa anthu othandiza kwambiri, wopyapyala wa othandiza pang'ono, wa madontho wa amene sangamufikitse kulikonse. M'bokosi lililonse analembamo mawu ochepa ndi zilembo zake zoongoka zija. Za mayi wa kuofesi ya mzinda analemba kuti amakonda kutamandidwa. Za kapitawo analemba kuti ndi wabodza. Kumunsi kwenikweni, pa mzere wa madontho, kunali kabokosi kakang'ono. Analembamo kuti: Wosindikiza. Woyesererapo kucheza. Amalongolola. Palibe phindu.

Sanalembe ndi mtima woipa. Analemba monga ankalembera kuti khoma ili silisenza denga. Pepalalo linamukongolera, analinyadira, n'kulisunga m'kabati pamodzi ndi mapulani ake abwino.

Kutatsala masabata atatu, uthenga unabwera kuchokera kwa mayi wina injiniya, mwini kampani yaing'ono yojambula milatho ndi nyumba zosanja. Anati wamva za iye, akufuna wojambula wosamala, abwere Lachinayi m'mawa ndi zitsanzo za ntchito yake. Phee anatsegula pulani yake m'mutu n'kutsatira mizere yokhuthala. Anatsimikiza kuti ndi mayi wa kuofesi ya mzinda uja, ndipo anadziyamikira kuti anamutamanda mokwanira.

Lachiwiri m'mawa, mochedwa kale, anatapa mapulani khumi ndi awiri m'kabati, n'kuwakulunga pamodzi. Anawasiya kwa wosindikiza kuti awachepetse ndi kuwamanga ngati buku. Bamboyo atamva za Lachinayi anawomba m'manja, n'kunena kuti aika chikuto cholimba, cha mabwana.

Lachitatu masana mushopu munali zii, makina okha akung'ung'udza. Mpando uja unali utabwezedwa kukona, pamwamba pake pali bokosi la mapepala. Wosindikizayo anayankha moni bwinobwino, anaika buku pakauntala, kenako anatulutsa pansi pa kauntala pepala limodzi lokulungidwa palokha, lomangidwa ndi kalabala.

"Munabweretsa khumi ndi atatu, bambo," anatero. "Ili sindinaliike m'buku. Ndinaona kuti si la amayi aja."

Mawu oti bambo aja anamulasa Phee asanadziwe n'komwe chifukwa chake. Anatuluka, n'kukatambasula pepalalo pasiteshoni ya basi, ngakhale mtima unali utamuuza kale. Wosindikiza mapulani salowetsa pepala m'makina osaliyang'ana. Amaliyala, amaona ngati laongoka, amawerenga pakona kuti adziwe kukula kwake. Kabokosi kaja kanali pafupi ndi pakona pomwepo.

Mabasi atatu anadutsa Phee ataima. Ankaona bamboyo atawerama pa pepalalo, magalasi ali pamphuno, akutsatira mizere ndi chala mpaka kudzipeza yekha kumunsi. Ankakumbukira mafunso onse amene anafunsa za bondo ndi za mtsikana wa unamwino, ndi mmene tsopano lililonse mwa mafunsowo linkaonekera. Chimene chinamupweteka kwambiri n'chakuti sakanatha kunena kuti ndi bodza. Poyamba zinalidi choncho. Kuti pambuyo pake anayamba kudikira masiku opita kushopu kuja ndi chimwemwe, zimenezo sanazilembe paliponse, ndipo iye mwini anazizindikira ataima pasiteshoni paja.

Shopu inali kuseri kwake, mtunda woti n'kuyenda mphindi imodzi. Anakwera basi yachinayi.

Kunyumba anaonetsa mkazi wake pepalalo, chifukwa nkhope yake inali itaulula kale. Mayiyo anawerenga bokosi lililonse mosafulumira, n'kufunsa ngati iyenso ali ndi mzere wake penapake. Phee anazyolika. Mkaziyo anamusitira malaya a mawa.

Ofesi ya injiniya inali pamwamba pa sitolo ya utoto, zipinda ziwiri, matebulo anayi. Mayiyo anali wachangu, wosakonda mawu ozungulira, ndipo Phee anapeza kuti akutha kuyankha, popeza masabata onse aja anali atamuphunzitsa kukhala moyang'anana ndi munthu mmodzi osafuna kuthawa. Mayiyo anatsegula buku lija tsamba ndi tsamba, anafunsa za maziko a nyumba ina yomangidwa padambo, n'kugwedeza mutu. Kenako anati ayambe pa tsiku loyamba la mwezi, miyezi itatu yoyeserera.

Phee anathokoza. Potsatira zimene anaphunzira, anafunsa kuti ndani amene anamutchula, kuti akamuthokoze. Dzina la mayi wa kuofesi ya mzinda linali kale pa lilime.

Injiniyayo anaseka. Anati pulani ya masitepe osakwana ija inali yake, ndipo wosindikiza atamuuza, anafunsa kuti ndani ali ndi diso lotero. Kuyambira tsiku limenelo bamboyo sanamupatse mtendere. Mayiyo anawonjeza kuti akafuna munthu safunsa mabwana, amafunsa kushopu kuja, chifukwa makampani onse a m'tauni amasindikiza kumeneko ndipo bamboyo amaona mapepala a aliyense. Amadziwa amene amajambula mosamala ndi amene amabwera kudzasindikiza kachitatu chifukwa cholakwitsa.

"Dzulo lomweli m'mawa anaimbanso," anatero mayiyo akutseka buku. "Akuti ndisachedwe, ena angakutengeni."

Phee anawerenga masiku. Mapepala anawasiya Lachiwiri m'mawa, ndipo bamboyo sankagoneka ntchito. Pofika Lachitatu m'mawa anali atawerenga kale.

Anatsika masitepe. Ntchito anali ataipeza, ana sasintha sukulu, mlamu wake asowa chonena, koma chimwemwe chinakana kubwera. Akanatha kulemba uthenga wothokoza monga mwa njira ija, mizere itatu yaulemu, ndipo anaulembadi ali m'basi, n'kuufufuta kawiri. Anatsika pasiteshoni n'kuzungulira kuseri.

Mushopu munali makasitomala awiri. Phee anaima pambali mpaka anatuluka, manja akusowa powaika. Pamene anatsala awiriwiri, mawu onse amene anakonza anabalalika, ndipo anayamba ndi pakati. Anati ntchito waipeza. Anati akudziwa amene wachititsa. Anati pepala lija analemba ndi iye, palibe womunamizira, ndipo alibe chodzitetezera nacho. Anati pepani, kawiri, kachiwiriko mawu osamveka bwino.

Wosindikizayo anamvetsera akulinganiza mapepala pakauntala, kugogoda m'mbali kuti afanane. Sanaoneke wokwiya. Ankaoneka wotopa, ndipo Phee akanakonda atamutukwana.

"Zoti ndimalongolola ndikuzidziwa, akazi anga amandiuza tsiku lililonse," anatero bamboyo. "Zoti ndilibe phindu, mwina. Koma mwana wanga uja ndinamuuza kuti pali achimwene ena kuntchito amene amafunsa za mayeso ake. Anasangalala."

Phee anafuna kunena kuti ankafunsa ndi mtima wonse, mwina osati poyamba koma pambuyo pake. Anaona kuti mawu amenewo, ngakhale ndi oona, afanana ndi a munthu amene wangozindikira kumene kuti bokosi lija linafunika mzere wokhuthala. Anangofunsa chinthu chimodzi chokha chimene chinkamuvuta, kuti n'chifukwa chiyani anaimbanso foni atawerenga zonse zija.

Bamboyo anavula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya.

"Amayi aja anandifunsa za ntchito yanu, ndipo ntchito yanu ndi yabwino," anatero. "Za inuyo sanandifunse."

Chitseko chinatseguka, munthu wina analowa ndi mpukutu wa mapulani kukhwapa. Wosindikizayo anavala magalasi, nkhope inawala, n'kumulonjera kuti achimwene, kumufunsa ngati anaonera mpira wa dzulo. Phee anasuntha kuti amupatse malo pakauntala.